Kuthokoza Mayi Tulloch

Mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite anawawerenga pa wailesi masana ena otentha m'chaka cha 1989. Lettie Chawinga anamvera atakhala pa thumba la mpunga m'khonde mwa sitolo ya pa Hara, chifukwa wailesi ya kwawo inali itatha mabatire. Wowerengayo ankatchula boma ndi boma. Atafika pa Karonga anatchula mayina owerengeka, n'kupuma pang'ono, kenaka anati, "Kasungu."

Lettie anakhalabe pomwepo mpaka maboma onse anatha, poganiza kuti mwina dzina lake lasochera kwina. Mwini sitolo anatsitsa wailesi mwakachetechete n'kuyamba kupukuta sikelo yomwe inali yoyera kale.

Mayeso a Fomu 4 Lettie anakhoza ndi mapointi 13. Pa mayeso amenewa nambala ikachepa ndiye kuti wakhoza kwambiri: 1 ndi 2 ndiwo magiredi apamwamba, 9 ndiko kulephera, ndipo amawonkhetsa maphunziro asanu ndi limodzi amene wachita bwino. Zaka zam'mbuyo munthu wa mapointi otere sankadikira n'komwe wailesi, ankayambiratu kufuna sutikesi. Koma tsopano malo a ku yunivesite ankagawidwa potengera boma limene munthu akuchokera, ndipo ku Karonga okhoza bwino anali ambiri kuposa malo. Aliyense ankazidziwa zimenezi. Palibe amene ankazinena mokweza.

Lettie anawapeza bambo ake, a Morton Chawinga, ku puloti yawo ya mpunga akutsegulira madzi m'ngalande. Anamuyang'ana kumaso.

"Adada, dzina langa mulibe," anatero Lettie m'Chitumbuka.

A Chawinga anaponda dothi lotsekera madzi ndi chidendene kangapo konse. "Tsono mzungu wako uja timuuza chiyani?"

Mzunguyo anali Mayi Anne Tulloch, namwino wopuma ntchito wa ku Canada. Lettie sanakumanepo nawo. Anawadziwira ku thumba la mpingo lothandiza ana a sukulu: kuyambira Fomu 1, fizi, yunifolomu ndi ndalama ya basi zonse zinkachokera kwa mayiwo. Chimene thumbalo linkafuna kwa mwana chinali chimodzi chokha, kalata yothokoza m'Chingerezi kumapeto kwa chaka chilichonse, pamodzi ndi zotsatira za mayeso ake. M'kalata yawo yomaliza Mayi Tulloch analemba kuti, "I will walk with you as far as your head can carry you." Lettie anawamasulira bambo ake kuti mayiwo adzamuperekeza mpaka pamene mutu wake udzathere. A Chawinga anawakonda mawuwo, moti ankawabwereza kwa anzawo ku dibi la ng'ombe.

Makalata onse a ana a m'dera la Hara ndi Wovwe ankadzera kwa mlembi wa thumbalo, a Gray Kapalamula. Iwowa kwawo kunali ku Dedza, koma anakhalitsa ku Hara monga kalaliki wa ofesi ya sikimu ya mpunga wothirira, ndipo kutchalitchi anali mkulu wa mpingo. Chitumbuka ankachimva bwino koma akachilankhula ana ankaseka, choncho ndi Lettie ankalankhula Chichewa. Ndiwo anamuphunzitsa kulemba kalata yake yoyamba ali kamtsikana kometa mpala, ndipo malamulo awo Lettie ankawadziwa pamtima. Keyala kumanja pamwamba, deti pansi pake, kenaka nambala ya mwana m'kaundula wa thumba, kuti a ku Canada asasokoneze makalata. Munthu ukamudziwa dzina umayamba ndi "Dear Mrs Tulloch" ndipo umatseka ndi "Yours sincerely," osati "Yours faithfully." Ndime yoyamba uthokoze, ndipo utchule chenicheni chimene ukuthokozera. Yachiwiri unene mmene sukulu yayendera. Yachitatu kankhani ka kumudzi, kuti munthu aone kuti ndalama yake yagwera pa munthu wamoyo. Yomaliza unene za kutsogolo, n'kuthokozanso mwachidule. Tsamba limodzi, lolemba pamanja. Osapempha kanthu. Osatamanda munthu ngati Mulungu. Osatchula boma.

Loweruka masana Lettie anakhala m'tchalitchi mopanda anthu, atagwada pansi n'kusandutsa benchi kukhala tebulo, ndipo analemba pa pepala long'amba m'kope. Ndime yoyamba inabwera yokha. Yachiwiri anailemba n'kufufuta, kulemba n'kufufutanso, mpaka anangoganiza zonena mmene zinthu zinalili. Lolemba anapita nayo ku ofesi ya sikimu nthawi ya nkhomaliro, pamene anzawo a a Kapalamula anali atatuluka.

A Kapalamula anavala magalasi, natenga pensulo.

"Apa wayamba bwino. 'I am writing to thank you for paying my school fees for four years.' Eya. Wanena chinthu chenicheni. Koma ichi cha 'from the bottom of my humble heart' chotsa. Unachitenga kuti? Azungu akamva zotere amaganiza kuti wakopera m'buku."

"Ndinafuna amve kuti ndikunena zoona."

"Zoona zili m'chiganizo chotsatirachi. 'Because of you I am the first girl in my family to finish secondary school.' Chimenechi n'chokwanira. Usachiveke zambiri."

Pensulo inatsika n'kufika pa ndime yachiwiri, ndipo inaima. A Kapalamula anawerenga, nabwerezanso milomo ikugwedera. Kenaka ananyamuka kukatseka chitseko, n'kubwerera kudzakhala.

Lettie anali atalemba kuti wakhoza ndi mapointi 13, kuti kuno mapointi ochepa ndiwo abwino, ndiponso kuti sanasankhidwe chifukwa malo tsopano akugawidwa potengera kwawo kwa munthu, osati kukhoza kwake.

"Mwanawe," anatero a Kapalamula motsitsa mawu, "alipo wina amene waiona?"

"Palibe, abambo."

"Ukudziwa njira imene kalata iyi imayenda? Ine ndimasonkhanitsa onse, ndimanga mtolo umodzi, ndiikamo lipoti langa, ndisaina. Mtolo upita ku ofesi ya mpingo ku Mzuzu, iwo adindapo chidindo, autumiza kunja. Ndipo mtolowo usanakwere ndege, pali anthu amene ntchito yawo ndi kutsegula makalata opita kunja. Amadziwa Chingerezi kuposa iwe ndi ine. Sadzafunsa kuti Lettie Chawinga ndani. Adzafunsa kuti wasaina mtolowu ndani, ndipo mpingo uti ukuphunzitsa ana kunyoza boma kwa azungu."

"Koma sindinanyoze. Ndangonena chimene chachitika."

"Masiku ano kumeneko ndiye kunyozako."

Anatulutsa m'dirowa pepala la thumba limene linkapita limodzi ndi kalata ya mwana aliyense. Pansi pake panali mabokosi awiri oti mlembi achonge limodzi: mwana akupitiriza maphunziro, kapena wamaliza. Wopitiriza ankayenera kukhala ndi kalata ya sukulu imene yamulandira. Wopanda kalatayo ankawerengedwa kuti wamaliza, ndipo komiti ya thumbalo ikakumana kumayambiriro kwa chaka, womuthandiza ankapatsidwa mwana wina.

"Palibe njira ina?" anafunsa Lettie.

"Ilipo imodzi. Wothandiza akafuna yekha, mwa kufuna kwake, atha kulembera komiti kuti mwana wangayu musamuchotse, ndimulipirira kosi ina, kaya kuno kaya kunja. Zinachitikapo. Koma woyambitsa akhale iye. Iwe sungapemphe, ine sindingapemphe."

"Ndiye ayenera kudziwa kuti sindinalephere."

"Eya."

"Ndiye adziwa bwanji ngati sindiwauza?"

A Kapalamula anavula magalasi n'kutikita m'maso. Atalankhulanso anayang'ana pa zenera.

"Mwana wa mlongo wanga ku Dedza wasankhidwa. Ali ndi 27. Mlongo wanga wandilembera kuti ndithokoze Mulungu. Ndathokoza. Nditani nanga? Mwanayo sanabe kanthu." Anabweza magalasi. "Tiye tione chimene tingapulumutse."

Anakhala pa ndime imeneyo mpaka nthawi ya nkhomaliro inatha, ndipo Lettie anabweranso mawa lake. Chiganizo cha kagawidwe ka malo chinachoka msanga, panalibe zokambirana. Nkhondo inali pa zotsalazo. Lettie anafuna kuti pakhale "I passed with 13 points. In our examinations fewer points mean a better result." Kenaka "I was not selected for the university."

"Zitatu zonsezi n'zoona," anatero Lettie. "Palibe chikutchula boma."

"Werenga mokweza, chimodzi pambuyo pa chinzake."

Lettie anawerenga.

"Waona? Ukati ndakhoza kwambiri, n'kutinso sindinasankhidwe, funso limadzifunsa lokha. Wotsegula makalata uja alimva funsolo asanalimve Mayi Tulloch. Chimodzi chichoke. Ndipo chakuti sunasankhidwe sichingachoke, chifukwa bokosi langa linena zomwezo."

"Nanga ndikati 'unfortunately'?"

"Mwatsoka? Tsoka lake lakugwetsera ndani? Ayi."

"'Although I passed well'?"

"Liwu limeneli ndiye loopsa kuposa onse. 'Although' ndi chala cholozera."

Lettie anaseka pang'ono mosafuna, kenaka misozi inabwera, ndipo anaipukuta ndi kuseri kwa dzanja kuti isadonthere pa pepala. A Kapalamula anadikira.

Potsiriza ndimeyo inatsala motere: "I sat my final examinations and passed with 13 points. A copy of my results is enclosed. I was not among those selected for the university this year." A Kapalamula analola mawu oti "this year" atawayang'ana nthawi yaitali. Zotsatira za mayesozo anazitayipa okha pa makina a ofesi, popeza pepala lenileni Lettie sakanalitumiza: phunziro ndi nambala yake, Chingerezi 2, Masamu 2, Bayoloje 1, mpaka pansi. Lettie anapempha kuti atayipe m'munsi tanthauzo la manambalawo. Iwo anaika zala pa makina, n'kuzichotsanso.

"Mayiwo ndi ophunzira. Afunsa kwa anzawo a komiti, alipo amene anakhalako kuno."

Ndime yachitatu inali yosavuta. Lettie analemba za mpunga wa chilimwe umene unali kucha ku puloti ya bambo ake, za mbalame zimene ankapirikitsa ndi zitini, ndi za mayi ake amene ankasunga mosamala chithunzi cha Mayi Tulloch m'Baibulo. Yachinayi, ya za kutsogolo, inawavuta onse awiri. Lettie analemba kuti akufunabe kudzakhala dokotala.

"Limeneli ndi pempho lovala jekete," anatero a Kapalamula. "A ku Mzuzu alibweza."

Anagwirizana pa "I am now helping my parents at home, and I still read every day." Ndikuthandiza makolo pakhomo, ndipo ndimawerengabe tsiku lililonse. Lettie anaika chiyembekezo chake chonse pa kachiganizo kameneko. Anakopera kalata yonse pa pepala loyera ndi bolopeni yabuluu, atayika pansi pake pepala la mizere kuti zilembo zisapendekere. Anatseka ndi "Thank you for all you have done for me," n'kusaina, n'kulemba dzina lake lonse m'munsi ndi zilembo zazikulu. A Kapalamula anachonga bokosi la wamaliza iye akuona.

Pepala loyamba lija anamuuza kuti aliwotche. Lettie sanaliwotche.

Mlongo wa bambo ake, a Bessie, amene Lettie ankawatchula kuti ankhazi, ankachita geni ya kumalire. Ankanyamula shuga kupita naye ku Kyela, tsidya la Songwe, n'kubwerako ndi zitenje ndi mafuta odzola. Anali mayi wamkulu thupi, wa mawu ngati lipenga, wodziwa Chiswahili chotukwanira ndi chotsatsira malonda. Lettie anawapeza akumanga katundu kuseri kwa nyumba yawo.

"Ankhazi, ku Kyela positi ofesi iliko?"

"Iliko. Ukufuna kulembera mwamuna?"

Lettie anawafotokozera. Malamulo a thumba sankalola mwana kudziwa keyala ya womuthandiza, koma ali Fomu 2 Mayi Tulloch anamutumizira dikishonale yawo yakale, ndipo mkati mwa chikuto munali kapepala komata ka dzina lawo ndi keyala. Kalata yoponyedwa ku Tanzania sikanadutsa m'manja mwa otsegula aja.

A Bessie anasiya kumanga. "Adada ako akudziwa?"

"Ayi."

"Asadziwe. Mtima wawo ndi wa nkhuku." Anaganiza pang'ono. "Nanga mzunguyo akayankha? Yankho lidzera kuti? Si konkuno?"

Lettie anali ataliganizira kale limenelo. M'kalata yachiwiriyi, imene anailemba pa pepala lopyapyala kuti ipindike pang'ono, anathokoza monga mwa mwambo, n'kufotokoza za mapointi ndi za kagawidwe ka malo m'ziganizo zinayi zosazungulira. Kenaka anawonjezera kuti, "Please do not mention this letter when you write. Only ask the committee what 13 points means." Chonde musadzaitchule kalatayi, mungofunsa komiti tanthauzo la mapointi 13. Ngakhale apa sanathe kupempha ndalama. Dzanja linakana.

A Bessie anaipinda n'kuilowetsa m'kamisolo. "Basi. Yapita imeneyo."

Patapita mlungu anabwerako ndi zitenje zawo. Lettie atawafunsa, anayankha akuyang'ana m'chikwama. "Zatheka, mwana wane. Usandifunsenso pa anthu."

Mpunga wa chilimwe anakolola, napuntha, nagulitsa. Mvula inayamba. Lettie anathandiza kufesa nazale, kenaka kuwokera, atawerama m'matope mpaka msana kuuma, misundu ikumumata m'miyendo. Anzake amene anasankhidwa anali atapita kale. Mmodzi anamulembera za laibulale yokhala ndi nyumba zosanja, Lettie sanamuyankhe. Madzulo dzuwa lisanalowe ankawerenga buku lake la Bayoloje, kuti zimene analemba zija zikhale zoona. Anayesa kufunsira malo kusukulu ya anamwino ndi ku koleji ya aphunzitsi. Kwina sanayankhe, kwina anati malo adzaza, ayesenso chaka chamawa.

Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi ankayang'ana a Kapalamula, iwo n'kupukusa mutu pang'ono. Amayi a mumpingo anayamba kumufunsa mayi ake ngati pali mnyamata amene wabwera kudzafunsira. Mwana wa mwini chigayo cha mpunga anayamba kudutsa pakhomo pawo kawirikawiri ndi njinga yopanda katundu.

"Mzungu ayankha," a Chawinga ankauza aliyense. "Anati mpaka pamene mutu wake udzathere. Mutu wa mwana wanga sunathe."

Yankho linafika mvula ili pakati. A Kapalamula anabwera nalo okha pakhomo, atakwinya buluku mpaka m'mawondo, kaphukusi kali m'pepala la pulasitiki kukhwapa. Anakhala pa mpando umene anawapatsa, nalonjerana ndi makolo, koma tiyi anakana. Envelopu inali yomatidwa kawiri, guluu wachiwiri wachikasu akuonekera m'mphepete.

Lettie anawerenga chamumtima poyamba. Bambo ake anadikira, manja ali pa mawondo.

"Watinji?" anafunsa m'Chitumbuka. "Tiuze."

Mayi Tulloch analemba mwachikondi. Anati kalata ya Lettie inali yokongola kuposa onse amene analandirapo, ndipo anaiwerenga pamaso pa amayi a kutchalitchi kwawo. Anati anaona manambala aja, ma 1 ndi ma 2 ndi ma 3, ndipo mtima unawapweteka podziwa mmene Lettie ankakhozera zaka zonsezi. "Examinations can be cruel, and even the best pupils stumble on the day. You must not be ashamed." Mayeso ndi ankhanza, ngakhale ana anzeru amapunthwa, usachite manyazi. Anati yunivesite si njira yokhayo yotumikira Mulungu, ndipo anakondwa kumva kuti Lettie ndi wokhutira kuthandiza makolo ake. Komiti inali itawapatsa kale mwana wina, mtsikana wa ku Wovwe woyamba Fomu 1. M'kaphukusimo anaikamo mphatso yotsanzikira.

Lettie anamasulira zonse, chiganizo ndi chiganizo. Atafika pa kupunthwa paja bambo ake anadzuka.

"Wapunthwa ndani? A Kapalamula, mwana wanga wapunthwa?"

"Sanapunthwe, a Chawinga."

"Tsono bwanji simunamuuze mzunguyo? Si inu mumadziwa Chingerezi?"

A Kapalamula anayang'ana pansi. A Chawinga anaima pakhomo kanthawi, akupuma mwamphamvu, kenaka anayang'ana kumsewu ngati pali amene wamva. Anatenga khasu lawo n'kupita ku puloti mvula ikugwa.

M'kaphukusimo munali sizasi yaikulu yosokera, tepi yoyezera, ndi kabuku ka mapatani a madiresi.

Lettie anapita kwa a Bessie tsiku lomwelo. Anawapeza akusankha nyemba m'lichero. Sanawapatse moni.

"Ankhazi, kalata ija munaponya?"

A Bessie anapitiriza kusankha. Kenaka anaika lichero pansi.

"Khala pansi."

"Munaponya?"

"Tsiku limene lija pa Songwe panali povuta. Sanali ofuna shuga ayi, shuga tikudziwa mochitira. Anali kufuna mapepala. Amati kuli anthu othawa boma amene akulemberana ndi abale awo kuno. Anatiika pamzere, amayi kwaokha, ndipo panali mayi wapolisi amene ankalowetsa dzanja paliponse. Pamzere wa amuna anagwira mnyamata ndi kalata ya m'bale wake, kalata ya maliro chabe. Anamukweza m'galimoto. Ine ndinapempha kukataya madzi kuseri kwa tchire." Anatambasula manja. "Ndinaing'amba, ndinaikwirira m'matope ndi phazi. Pamwamba pake panali dzina lako, Lettie. Dzina la adada ako. Hara yense."

"Bwanji simunandiuze? Ndikanalemba ina."

"N'chifukwa chake sindinakuuze."

Lettie anafuna kukalipa, koma sanapeze pogwira. Ankhazi ake ankalira mwakachetechete, mayi amene sanalirepo ngakhale pa maliro a amuna awo. Lettie anakhala pansi pambali pawo, ndipo patapita nthawi anayamba kuwathandiza kusankha nyemba.

Mlungu wotsatira anapita ku ofesi ya sikimu. Anafunsa a Kapalamula ngati angalembe kalata yowongola, chiganizo chimodzi chokha, chonena kuti 1 ndiye giredi yapamwamba.

"Ndinayesa," anatero iwo. "Yankho lija litangofika ndinalembera a ku Mzuzu kuti mayiwo sanamvetse manambala, komiti iwafotokozere. Andiyankha dzulo." Anamuonetsa kapepala ka mizere itatu. Nkhani ya mwanayu yatsekedwa. Thumba silikambirana za kasankhidwe ka boma. Mlembi akumbukire ana ena amene akudalira thumbali.

"Akuopa ngati ine," anatero a Kapalamula. "Sindingawanene."

"Ndiye zatha."

"Kwatsala chimodzi." Anazengereza. "Mphatso ikabwera, lamulo ndi lakuti mwana athokoze. Mtolo unyamuka kumapeto kwa mwezi. Ukapanda kulemba, zimaoneka ngati ana a kuno ndi osayamika, ndipo zimagwera amene akubwera m'mbuyo."

Anamupatsa pepala loyera ndi bolopeni yawo. Lettie sanapemphe la pulakatisi. Anakhala pa tebulo la mesenjala n'kulemba keyala, deti, ndi nambala yake imene tsopano inali yotsekedwa. Anathokoza chifukwa cha sizasi, tepi ndi kabuku, chilichonse ndi dzina lake. Anati sizasiyo ndi yakuthwa ndipo mayi ake aisirira. Anafunira mafuno abwino mtsikana wa ku Wovwe. Atafika pamene anayenera kuyankha za manyazi zija anaima nthawi yaitali, bolopeni ili m'mwamba. Analemba kuti, "I am not ashamed." Sindikuchita manyazi.

A Kapalamula anawerenga kalata yonse pensulo ili m'manja. Pa chiganizo chimenecho nsonga ya pensulo inatsika n'kukhudza pepala. Inakhala pomwepo. Panja thirakitala ya sikimu inkalira, ikukanika kutuluka m'matope. Potsiriza anaichotsa pensuloyo osalemba kanthu, napinda kalatayo patatu, naiika pa mtolo.

Mayi Tulloch sanalembenso. Malamulo sankalola kulemberana mwana akachoka m'kaundula. Chaka chotsatira Lettie anafunsiranso ku sukulu ya anamwino, ndipo sanamutenge. Mvula itatha, telala wina wa pa Uliwa, a Eliness, amene maso anali atayamba kuwavuta, anamva kuti kwa a Chawinga kuli mtsikana wodziwa masamu ndiponso ali ndi sizasi yakeyake. Anamuitana kuti aziwadulira nsalu za mayunifolomu a sukulu, iwo azisoka. Lettie anapita Lolemba, pa njinga ya bambo ake.